Mmene mungayezere madzi omwe mphaka wanu akumwa ndi kumuteteza ku vuto la impso

Ambiri a ife timathira madzi m'kambale, n'kukaika pafupi ndi chakudya cha mphaka, basi taiwalako. Mawa tikaona kambale kakadali ndi madzi timati mphaka ali bwino, ludzu alibe. Komatu mphaka ndi nyama yomwe simva ludzu msanga. Galu akauma kukhosi amathamangira kubeseni n'kumwa mpaka kukhuta, pomwe mphaka amatha kukhala ndi madzi operewera m'thupi koma n'kungolambalala mbale yodzaza. Thupi lake linazolowera kupeza madzi m'nyama yomwe wagwira. Mbewa kapena mbalame, pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a thupi lake ndi madzi, ndiye mphaka wosaka amadya ndi kumwa nthawi imodzi. Vuto limabwera kwa mphaka wa m'nyumba yemwe timam'patsa chakudya chouma cha m'sitolo kapena usipa wouma.

Mphaka wanga Kambuku ndi wamwamuna, wofulidwa, ndipo amalemera makilogalamu 4. Ndim'gwiritsa ntchito ngati chitsanzo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa masamuwa amamveka bwino akakhala pa mphaka weniweni.

## Zofunika kukhala nazo

- Sikelo yoyezera anthu, kapena yolendewera ija yoyezera chimanga.
- Kapu yolembedwa mamililita, kapena sirinji yaikulu yopanda singano. Ngati mulibe, botolo la madzi la mamililita 500 lithandiza. Supuni yaikulu yoyezera imalowa mamililita 15, yaing'ono 5.
- Mbale ziwiri zofanana ndendende, zotakata koma zosazama. Zachitsulo chosachita dzimbiri, zagalasi kapena zadothi ndi zabwino kuposa zapulasitiki.
- Sefa yovundikirira mbale imodzi.
- Kope ndi cholembera.
- Beseni la mchenga lomwe mphaka amakodzamo, ngati ndi wa m'nyumba.

## Gawo 1: Yezani kulemera kwa mphaka

Kwerani pa sikelo mutam'nyamula, lembani nambala, kenako kwerani nokha. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera kwake. Pa sikelo yolendewera, muikeni m'chikwama cholowa mpweya, mukamaliza muchotserepo kulemera kwa chikwamacho.

Chenjezo: musayerekeze ndi maso. Ubweya umanamiza, ndipo kuphonya ndi kilogalamu imodzi pa nyama yaing'ono chonchi kumasokoneza masamu onse.

## Gawo 2: Werengetsani madzi omwe akufunika pa tsiku

Mphaka wamkulu wathanzi amafuna mamililita pakati pa 40 ndi 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kuti musavutike, tengani 50 muchulukitse ndi makilogalamu ake. Kwa Kambuku ndi mamililita 200, omwe ndi ochepera pang'ono theka la botolo la 500 lija. Wa makilogalamu 3 afuna 150, wa makilogalamu 5 afuna 250.

Nambala imeneyi ndi ya madzi onse olowa m'thupi, a m'mbale pamodzi ndi a m'chakudya. Mphaka woyamwitsa amafuna oposa pamenepa. Chimodzimodzinso m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa ngati ku Nsanje ndi ku Chikwawa kapena kunyanja, tengani 60 m'malo mwa 50.

## Gawo 3: Chotserani madzi a m'chakudya

Apa m'pamene amphaka awiri olemera mofanana amasiyanira kutali. Chakudya chouma cha m'sitolo, timabisiketi tija, chili ndi madzi pafupifupi magawo 10 okha pa 100. Cha m'chitini kapena cha m'timapaketi chili ndi magawo 75 mpaka 80. Galamu imodzi ya madzi ndi mililita imodzi, choncho masamu ake ndi apafupi.

Kambuku ankadya magalamu 60 a chakudya chouma pa tsiku. Madzi a m'menemo ndi mamililita 6 okha, osakwana ndi theka lomwe la supuni yaikulu. Ndiye kuti pa mamililita 200 aja, oposa 190 amayenera kuwanyambita ndi lilime m'mbale. Akanakhala kuti akudya magalamu 250 a cha m'chitini, chakudya chokhacho chikanam'patsa pafupifupi mamililita 190, ndipo kum'peza pa mbale ya madzi kukanakhala kwa apo ndi apo, popanda chodetsa nkhawa.

Amphaka ambiri kwathu kuno sadya za m'sitolo. Amadya zotsala za pakhomo: kansima, usipa, matemba, n'kukaonjezera ndi mbewa usiku. Nsima ili ndi madzi ndithu, ngakhale si chakudya chomanga thupi la mphaka, poti iye ndi wodya nyama. Koma usipa kapena matemba ouma mukam'ponyera osaviika, muziwerenga ngati timabisiketi tija: madzi mulibe, ndipo ngati nsombazo anaziumika ndi mchere zimaonjezera ludzu.

Chenjezo: mphaka wodya chouma amamwa kwambiri kuposa wodya chonyowa, ndipo eni ake amakondwa pomuona pa mbale kawirikawiri. Koma mukaphatikiza zonse, nthawi zambiri madzi ake amakhala ochepabe poyerekeza ndi mnzake uja. Kumuona akumwa si umboni woti akukwanitsa.

## Gawo 4: Yezani zomwe akumwadi, masiku atatu

Ili ndi gawo lomwe anthu amalidumpha, chonsecho ndilo limakuuzani zoona.

M'mawa thirani mamililita 300 m'mbale yoyamba, ndi 300 ena m'mbale yachiwiri. Yoyamba ndi ya mphaka. Yachiwiri muivundikire ndi sefa n'kusanjikapo mwala kuti asaifikire, ndipo ikhale pambali pomwepo. Ntchito yake ndi kukuonetsani madzi omwe angouma okha ndi kutentha. Mawa lake, nthawi yomweyomweyo, yezani otsala m'mbale zonse ziwiri. Chotserani otsala a m'mbale ya mphaka pa otsala a m'mbale yovundikira, ndipo zotsalazo ndi zomwe wamwa.

Tsiku loyamba kwa Kambuku, mbale yovundikira inatsala ndi 280, yake inatsala ndi 185. Anamwa 95. Tsiku lachiwiri 110, lachitatu 95. Kunena mwachidule, mamililita 100 pa tsiku, kuonjezerapo 6 a m'chakudya. Anali pa theka chabe la zomwe thupi lake limafuna, ine ndikumuona tsiku ndi tsiku ali pa mbale n'kumati zonse zili bwino.

Pa masiku atatuwa tsekani kwina konse komwe amamwako: ndowa za kubafa, mpopi wodontha, mbale ya galu, madzi a pansi pa miphika ya maluwa. Ngati muli ndi amphaka awiri, muwalekanitse zipinda, apo ayi simudziwa yemwe wamwa. Kwa mphaka woyendayenda panja kuyeza kotere sikutheka bwinobwino, ndiye mudalire Gawo 5.

Chenjezo: musayese tsiku limodzi lokha. Mbale yatsopano kapena alendo m'nyumba zimam'chititsa mphaka kumwa mosiyana ndi masiku onse.

## Chomwe chimachitika m'impso madzi akachepa

Impso zimasefa magazi n'kutulutsa zoipa kudzera mu mkodzo. Za mphaka n'zaluso kwambiri posunga madzi: akamwa pang'ono, zimabweza madzi ambiri m'magazi n'kutulutsa mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, wa fungo lamphamvu. Lusoli ndi lomwe limabisa vuto, chifukwa mphaka amaoneka wabwinobwino kwa miyezi ngakhale zaka.

Ganizirani mchere womwe mwausungunula m'madzi ochepa. Wina umatsalira pansi. Mu mkodzo wouma madzi chonchi, michere ya m'thupi imagwirana n'kupanga timchenga, ndipo timchengato timatha kukula n'kukhala timiyala m'chikhodzodzo kapena mu impso momwe. Mphaka womwa pang'ono amakodzanso patalipatali, ndiye mkodzo umakhalitsa m'chikhodzodzo, timchenga n'kupeza nthawi yokulira.

Kwa mphaka wamwamuna ngoziyi ndi yaikulu, chifukwa njira yake ya mkodzo ndi yaitali ndiponso yopapatiza kwambiri cha kunsonga. Timchenga tikasakanikirana ndi chinanda timatseka njirayo. Mkodzo ukasowa kotulukira, chikhodzodzo chimafufuma, impso zimalephera kusefa, ndipo mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mphaka wotsekeka chonchi amatha kufa m'masiku awiri kapena atatu. Kamwala kakhozanso kutseka kamtsempha kotsitsa mkodzo kuchoka mu impso kupita m'chikhodzodzo, impso ya mbali imeneyo n'kuonongeka mwakachetechete inayo ikugwira ntchito yokha.

Njira ina yomwe kuchepa kwa madzi kumavulazira impso ndi ya magazi. Thupi likauma, magazi opita ku impso amachepa. Mphaka wachinyamata amapirira tsiku limodzi lotere. Koma wokalamba, yemwe impso zake zayamba kale kufooka, kapena yemwe akusanza ndi kutsegula m'mimba, impso zimatha kuvulala, ndipo tisefa ta mu impso tikafa sitimeranso. Matenda a impso a mgonagona ndi ofala kwambiri mwa amphaka okalamba ndipo ali ndi zoyambitsa zambiri, osati madzi okha. Chomwe kuchepa kwa madzi kumachita ndi kukankhira impso zofooka kuphompho msanga. Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikiro zimachedwa kuoneka: kawirikawiri mwini wake akamazindikira, gawo lalikulu la impso, mwina magawo awiri mwa atatu, limakhala litasiya kale kugwira ntchito.

## Gawo 5: Pimani thupi ndi mchenga

Kwezani mlomo wake wam'mwamba mukhudze nkhama ndi chala. Zikhale zonyowa, zoterera. Chala chikamamatirira ngati mwakhudza ulimbo, thupi lauma.

Kenako tsinani pang'ono chikopa cha pakati pa mapewa, muchikweze n'kuchisiya. Kwa mphaka wa madzi okwanira chimabwerera nthawi yomweyo. Chikamabwerera mwaulesi kapena kuima njo, vuto lafika patali. Maso olowa m'kati, kufooka ndi kukana chakudya ndi zizindikiro zoti musadikirenso.

Yang'ananinso m'beseni la mchenga tsiku lililonse. Mphaka wathanzi amakodza kawiri mpaka kanayi pa tsiku. Chimbudzi chake chikhale choumbika, osati timibulu touma gwa ngati ta mbuzi, chifukwa thupi likasowa madzi limakawatapa m'matumbo, mphaka n'kudzimbidwa.

Chenjezo: kutsina chikopa kumanamiza. Kwa mphaka wokalamba kapena woonda chikopa chimachedwa kubwerera ngakhale madzi ali okwanira, ndipo kwa wonenepa chimabwerera msanga ngakhale wauma. Komanso sichionetsa kuchepa kwa madzi kwa pang'onopang'ono. Kambuku ali pa theka la madzi, chikopa chake chinkabwerera bwinobwino.

## Gawo 6: Lowetsani madzi m'chakudya

Ngati pali chinthu chimodzi chomwe mungatole pano, ndi ichi. Kumunyengerera mphaka kuti amwe kumathandiza pang'ono. Kumudyetsa madziwo kumathandiza kwambiri.

Kwa Kambuku ndinachepetsa chouma kufika magalamu 40, n'kumachiviika m'mamililita 40 a madzi ofunda kwa mphindi khumi. Madzulo ndimam'patsa kapaketi ka chonyowa ka magalamu 85, komwe muli madzi pafupifupi mamililita 65, n'kuthiramo masupuni aakulu awiri a madzi, omwe ndi 30. Tikaphatikiza ndi 4 a m'chouma chija, chakudya chokha chikum'patsa mamililita pafupifupi 140. M'mbale tsopano amangomwa 70 kapena kuchepera apo, koma onse pamodzi akupitirira 200. Akumwa pang'ono kuposa kale, koma thupi likulandira owirikiza kawiri. Mabala a mkodzo m'mchenga anakula ndipo fungo lija loboola m'mphuno linachepa.

Timapaketi n'tokwera mtengo, ndipo si aliyense angakwanitse tsiku lililonse. Musadandaule nazo. Usipa kapena matemba muziviika, kutaya madzi oyambawo, kenako kuwiritsa m'madzi opanda mchere n'kum'patsa ndi msuzi wake womwe. Msuzi wa nkhuku yowiritsa nawonso amaukonda. Mum'patulire musanathire mchere, anyezi kapena adyo.

Sinthani pang'onopang'ono, kwa sabata yathunthu. Yambani ndi supuni yaing'ono imodzi ya madzi pa chakudya, muzionjezera akazolowera. Ine tsiku loyamba ndinathira ambiri, chakudya chinasanduka phala. Kambuku ananunkhiza, n'kupalasa pansi ndi mwendo ngati akukwirira chimbudzi, n'kuchokapo. Ndinayambiranso ndi supuni imodzi.

Chenjezo: anyezi ndi adyo amaononga magazi a mphaka, ophika omwe, ndiye msuzi wa ndiwo za pakhomo si wake. Chakudya choviika chimasasa msanga kukatentha, ndiye chotsala muchitaye pakatha ola limodzi kapena awiri. Ndipo musam'khalitse ndi njala kuti akakamizike kudya chatsopano. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya amadwala chiwindi.

## Gawo 7: Konzani mbale ndi malo ake

Ikani mbale ziwiri kapena zitatu m'malo osiyana, pamthunzi, popanda phokoso, pomwe galu kapena ana sam'dzidzimutsa. Madzi akhale patali ndi chakudya, ndipo patali kwambiri ndi beseni la mchenga. Dzazani mpaka m'milomo, chifukwa amphaka ena sakonda kulowetsa mutu m'mbale yozama ndevu zikukhudza m'mbali.

Sinthani madzi tsiku lililonse ndipo tsukani mbaleyo mpaka kuterera kuja kuthe, n'kutsukuluza bwino sopo. Madzi a pampopi akamanunkha kolorini, atungeni asanafunike muwasiye osavundikira usiku wonse. Madzi a mumtsuko amakhala ozizirira bwino, ndipo m'chilimwe amphaka ambiri amawasankha. Ngati wanu amakonda kunyambita mpopi wodontha kapena kumwa m'kapu yanu, musam'thamangitse chabe: akukuuzani mtundu wa madzi omwe amafuna. Muikireni kapu yakeyake.

Pakatha sabata ziwiri bwerezani Gawo 4.

## Gawo 8: Dziwani tsiku lothamangira kwa dokotala wa ziweto

Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mukaona mphaka akupitapita ku mchenga, kuchima nthawi yaitali, kulira, koma n'kungotuluka timadontho kapena osatuluka kanthu. Ena amanyambita kumaliseche kosalekeza, kusanza, kapena kubisala pansi pa bedi. Musafinye mimba yake kuti mkodzo utuluke, chikhodzodzo chikhoza kuphulika. Mkodzo wa magazi, kapena kukana madzi ndi chakudya kwa tsiku lathunthu, nazonso si zodikira. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ndipo m'maboma alangizi a ziweto akhoza kukulozerani koyenera. Funsani nambala yawo lero mphaka ali bwino.

Palinso chizindikiro chomwe chimaoneka ngati nkhani yabwino. Mphaka yemwe ankamwa pang'ono akayamba mwadzidzidzi kumaliza mbale, kumwa m'ndowa, mchenga n'kumanyowa chonyowa ndi mkodzo woyera ngati madzi, musakondwe. Impso zodwala zimalephera kusunga madzi, ndiye amangodutsa, mphaka n'kumamwa kuti abwezeretse koma osakwanitsa. Matenda a shuga ndi a chithokomiro amaonekanso chonchi. Kumwa kofika mamililita 100 pa kilogalamu, monga 400 kwa mphaka wa makilogalamu 4, ndi matenda ndithu, koma musadikire kuti zifike pamenepo. Ngati wawirikiza kawiri zomwe munalemba m'kope muja chakudya chisanasinthe, makamaka akamaonda, pitani naye pamodzi ndi kopelo. Dokotala adzayeza kukhuthala kwa mkodzo ndi zoipa zotsalira m'magazi. Mphaka wopitirira zaka 7 ndi bwino kum'yezetsa chonchi kamodzi pa chaka ngakhale akuoneka wathanzi.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kum'patsa mkaka m'malo mwa madzi. Amphaka ambiri akakula sagaya bwino mkaka wa ng'ombe. Amatsegula m'mimba, n'kutaya madzi oposa omwe amwa.

Kum'chepetsera madzi chifukwa akukodza kwambiri kapena akukodzera pa mphasa. Kwa mphaka wa impso zodwala, madziwo ndi omwe akum'sunga. Kum'bisira mbale usiku umodzi wokha kukhoza kum'gwetsa.

Kuthira mchere m'chakudya kuti amve ludzu. Musatero, makamaka kwa wokalamba yemwe simukudziwa mmene impso ndi mtima wake zilili.

Kum'mwetsa mokakamiza ndi sirinji. Madzi akalowera kummero wa mpweya amakafika m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ngati dokotala wakuuzani kutero, ndi timadontho cham'mbali mwa kamwa, mutu uli chowongoka, ndipo osati kwa mphaka wofooka kapena wosanza. Mphaka wouma kwambiri amafunika diripi kapena madzi obaya pansi pa chikopa.

Kutenga kutsekeka kwa mkodzo ngati kudzimbidwa. Kachimidwe kake n'kofanana, ndipo ambiri amam'patsa mafuta ophikira n'kudikira mawa. Fukulani mchenga muone ngati muli ponyowa. Kwa wamwamuna, mukakayika, itengeni ngati nkhani ya mkodzo.

Kum'patsa mankhwala a anthu. Mukaona akulira ndi ululu mtima umafuna kum'thandiza, koma piritsi limodzi la panado likhoza kupha mphaka, ndipo bulufeni amaononga impso zomwezo, makamaka thupi likakhala louma kale.

Kusiya madzi oopsa poyera. Mphaka waludzu amanyambita chilichonse. Mankhwala amtundu oziziritsa injini omwe amadontha pansi pa galimoto amaononga impso ngakhale atanyambita pang'ono chabe, ndiye pukutani ndi kuthirapo dothi. Maluwa a mtundu wa lile, ofala m'nkhata ndi m'maluwa a ukwati, ndi poizoni wa impso za mphaka: masamba, ufa wa duwa, ngakhale madzi a m'botolo lomwe mwaikamo maluwawo. Akalowa m'nyumba mwanu, akhale m'chipinda chotseka, ndipo madzi ake mukatayire komwe mphaka safika.